Fungo la m'bafa limayamba silabu isanathiridwe

Pali nyumba zambiri zokongola, zamatailosi ndi siling'i, zimene ukangotsegula chitseko cha kubafa fungo ngati la mazira owola limakulandira. Mayi wa pakhomopo amakolopa m'mawa ndi madzulo, kuthira mankhwala onunkhira, koma fungo silichoka. Ena amafika poloza chala anyamata antchito. Kawirikawiri palibe amene walakwa pa ukhondo. Vuto limakhala pansi pa simenti, m'mapaipi amene anayalidwa tsiku limodzi mwini nyumba ali kuntchito, n'kukwiriridwa asanawaone.

Madzi olowa m'nyumba savuta kwenikweni chifukwa amabwera ndi mphamvu yawo. Paipi ya mamilimita 20, imene m'mashopu amaitchula kuti firii kota, imakwanira kuwabweretsa m'nyumba wamba, ndipo nthambi za hafu inchi, mamilimita 15, zimawafikitsa pa mpopi uliwonse. Madzi otuluka ndiye alibe chowakankha. Amangotsetsereka okha, atanyamula zonyansa, mafuta, tsitsi ndi zotsalira za nsima, choncho amafuna njira yotakata. Chimbudzi chamadzi chimafuna paipi ya mamilimita 110, ija amati folo inchi, ndipo pamenepa palibe zonenerera. Sinki ya kukhitchini, shawa ndi bafa zimayenda bwino pa mamilimita 40 kapena 50, beseni losambira m'manja pa 32 kapena 40. Ine ndimakonda 50 kukhitchini, chifukwa mafuta akazizira amamatirira m'mbali n'kuchepetsa njira pang'onopang'ono. Lamulo losaphonya n'lakuti paipi isachepe kumene madzi akulowera: yaing'ono ilowe mu yaikulu, osati yaikulu kulowa mu yaing'ono.

Kukula kwa paipi sikuthandiza ngati yagona molakwika. Muyezo umene mapulambala ambiri amatsata pa folo inchi ndi wakuti pa mamita 40 alionse paipi itsike mita imodzi. Kunena mosavuta, pa mita iliyonse itsike masentimita awiri ndi theka. Tiyeni titenge nyumba imene chimbudzi chake chili pa mtunda wa mamita 12 kuchokera pa thanki ya zonyansa, ija timati sepitiki. Mukachulukitsa 12 ndi masentimita 2.5 mupeza masentimita 30. Ndiye kuti polowera m'thanki payenera kukhala pansi ndi masentimita 30 poyerekeza ndi pamene paipi yatulukira m'nyumba. Ngati paipi yatuluka pa masentimita 40 pansi pa nthaka, pamalo osatsetsereka idzafika kuthanki ili pa masentimita 70. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa thanki amaimanga kaye, polowera pake n'kukhala pamwamba, kenaka pulambala amangokakamiza paipi kuti ikumane napo. Masamu amenewa ayenera kuchitika dzenje lisanakumbidwe.

Paipi ikagona chathyathyathya madzi amayenda mwaulesi, osatha kukokolola zolemera, ndipo izi zimatsalira m'njira. Chizindikiro chake n'chakuti mukagujumula, madzi amakwera kaye m'chimbudzi n'kutsika pang'onopang'ono, ndipo paipi imatsekeka mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi. Choipa kuposa apa ndi paipi yopindikira pansi pakatikati chifukwa ngalande inakumbidwa mwachisawawa kapena dothi lofewa linatitimira. Pamalo otere pamadikha madzi chaka chonse. Pansi pa ngalande payenera kutsendereredwa, n'kuthirapo mchenga kuti paipi igone thupi lonse, osati kuitsamiritsa pa zidutswa za njerwa apa ndi apo.

Mwini nyumba angathe kuyeza yekha. Tengani levulo yotalika mita imodzi, mumangirire kathabwa kokhuthala masentimita awiri ndi theka pansi pa nsonga imodzi. Igonekeni pa paipi, kathabwako kali mbali imene madzi akulowera. Kathovu kakakhala pakati, kutsetsereka kuli bwino. Yendani nayo paipi yonse, osati poyambira pokha. Ndipo paliponse pamene paipi yaikulu yakhota kapena yakumana ndi inzake, pamangidwe kadzenje kovundikira kuti tsiku lotsekeka mudzapeze polowetsera ndodo, osati kuswa khonde.

Tsopano tibwere ku fungo lija. Suzumirani pansi pa sinki, muona paipi yopindika ngati chilembo cha U, kapena kabotolo kapulasitiki. Imeneyo ndi thirapu. Ntchito yake ndi kusunga madzi pang'ono nthawi zonse, akuya masentimita 5 mpaka 7.5, amene amatseka njira kuti mpweya wochokera kuthanki usabwerere m'nyumba. Madzi amene mumawaona atadikha m'chimbudzi ndi thirapu yake. Mpweya umenewu si wonunkha chabe: muli wina umene umayaka moto, ndi wina umene ukachuluka umadwalitsa. Mphemvu nazo zimadzera momwemo njira ikakhala pululu. Chilichonse chotulutsa madzi chiyenera kukhala ndi thirapu yakeyake, ndipo malo amene amaiwalika kwambiri ndi kabowo ka pansi m'shawa, kamene amisiri ena amangokalumikiza ndi paipi yowongoka kuti ntchito ithe msanga. Kukonza pamenepo ndi kuswa matailosi basi.

Thirapu ikhoza kukhalapo koma youma. M'bafa ya alendo imene sigwiritsidwa ntchito, madzi aja amauma okha, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mankhwala ake ndi kuthiramo jagi ya madzi sabata iliyonse. Koma ngati thirapu ikuuma m'bafa imene anthu akusambamo tsiku ndi tsiku, pali chimene chikuyamwa madziwo.

Pendeketsani chigubu chodzaza madzi: amatuluka modukizaduka, akulira kuti gubudu gubudu, chifukwa mpweya ukulimbana nawo polowa pakamwa pomwepo. M'mapaipi zimachitikanso chimodzimodzi. Madzi a m'chimbudzi akamathamanga m'paipi amakoka mpweya kumbuyo kwawo, ndipo ukasowa polowera umadzera m'thirapu yapafupi, n'kukokera madzi ake kunsi. Ngati beseni kapena shawa imalira wina akagujumula, dziwani kuti mapaipi anu alibe popumira.

Popumira pake ndi paipi ija mumaiona itakwera khoma kuseri kwa chimbudzi mpaka kupitirira denga, imene amisiri amati venti. Imalowetsa mpweya kuti mathirapu asayamwidwe, komanso imatulutsira m'mwamba mpweya woipa wa m'thanki. Iyenera kukhala kumtunda kwa mzere wa mapaipi, pafupi ndi chimbudzi chakutali kwambiri ndi thanki. Ikakhala pafupi ndi zenera, mkati mwa mamita atatu, ipitirire pamwamba pa zeneralo ndi masentimita 90. Zimandipweteka kuona venti itadulidwa m'munsi mwa malata chifukwa akuti ikuipitsa nyumba, pakuti fungo lonse limangozungulira n'kulowa m'chipinda chogona. Pamwamba pake pavekedwe kachisoti kamabowo kotchinga mbalame ndi masamba, koma osatseka ndi chivundikiro.

Ngati mukumanga, uzani amisiri kuti asakwirire paipi iliyonse musanafike. Pitani ndi levulo yanu, muwerenge mathirapu, mufunse pamene venti idzakwerere. Kenaka thirani ndowa yodzaza kumtunda wina ataima kuthanki: madzi afike msanga ndiponso onse, ndipo polumikizira paliponse pakhale pouma. Zikatero, alolezeni athire silabu.