Mawu oyenda pa sikirini: awerengedwe kaye asanachoke

Pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa TikTok pali timavidiyo tambiri topanda nkhope ya munthu. Timangokhala mawu otuluka mzere umodziumodzi, kanyimbo kakulira chapansipansi. Ambiri amene amatikonza amatha nthawi posankha mitundu yowala, koma chimene chimawononga timavidiyo totere kawirikawiri ndi nthawi. Mawu amachoka munthu asanamalize kuwerenga, kapena amakhalitsa mpaka chala chake chapita kwina.

Ntchito imayambira pa vesi. Sankhani ya mizere inayi kapena kuchepera, yokhala ndi ganizo limodzi, ndipo mzere wotsiriza ukhale ndi chimene wowerenga akudikira. Tiyese ndi kavesi aka kongopeka: "Mvula ikachedwa, / usadye mbewu. / Khasu lisachite dzimbiri, / mitambo ili m'njira."

Kenako werengani zilembo, osati mawu. Mawu a Chichewa ndi aatali: "ikachedwa" ndi liwu limodzi, koma lili ndi zilembo 9. Pa mawu olembedwa m'munsi mwa mafilimu a akuluakulu, a Netflix amalola zilembo pafupifupi 17 mpaka 20 pa sekondi. Vesi imafuna kutafunidwa, choncho ine ndimaona kuti zilembo 10 pa sekondi ndi muyeso wabwino, n'kuwonjezera sekondi imodzi yoti mawu alowe ndi kutuluka. Powerengera mipata ndi zizindikiro zomwe, mzere woyamba uli ndi zilembo 16, ndiye ukufuna masekondi 2.6. Wachiwiri, wa zilembo 13, ukufuna 2.3. Wachitatu uli ndi 25 ndipo ukufuna 3.5, pomwe wotsiriza, wa 20, ukufuna 3.

Nyimbo ibwere pambuyo pa masamu amenewa. Mawu akamasintha pomwe ng'oma yagunda, diso ndi khutu zimagwirizana, ndipo wowonera amangomva kuti zakoma osadziwa chifukwa. Nyimbo yogunda ka 80 pa mphindi imatenga masekondi atatu kuti igunde kanayi. Mizere iwiri yoyamba ikukwana bwino m'masekondi atatuatatu. Wachitatu sukukwana, ndipo apa ndi pomwe anthu amaupanikiza n'kuuwononga. Upatseni masekondi 6: atuluke kaye "Khasu lisachite", kenako pa kugunda kwachisanu "dzimbiri" abwere pansi pake, oyambawo akadalipo. Wotsirizawo nawonso upatseni 6, kuti munthu auwerenge kawiri. Kanema yense wakwana masekondi 18.

Pewani nyimbo yokhala ndi mawu. Munthu amavutika kuwerenga vesi yanu uku woyimba akumuuza zina. Gitala kapena piyano yokha imakwanira. Nyimbo zotchuka zilinso ndi eni ake, ndipo Facebook kapena YouTube ikhoza kuzimitsa mawu a kanema wanu kapena kumutsekereza. Mu YouTube Audio Library muli nyimbo zaulere, ngakhale zina zimafuna kuti mutchule woyimba. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri amaonera foni itatsekedwa mawu, mu minibasi kapena kuntchito, kotero kanemayo azimveka ngakhale nyimbo itachotsedwa.

Pa fonti, kukongola kumanyenga. WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, ndipo zilembo zopyapyala zopindikapindika ngati za pa kadi ya ukwati zimatuluka zachimbuuzi pa foni ya wolandira. Fonti yonenepa ngati Montserrat imapirira. Bebas Neue ili ndi zilembo zazikulu zokhazokha: imakhala bwino pa liwu limodzi kapena awiri, koma imatopetsa pa vesi yonse. Ngati mumalemba "Malaŵi" ndi kadenga pa w, yesani kaye chilembocho, chifukwa mafonti ena alibe. Mudzadziwa poona kabokosi m'malo mwake, kapena chilembo chimodzi chooneka mosiyana ndi zinzake. Fonti imodzi ndi yokwanira, yoyera pamalo akuda kapena yakuda pamalo oyera.

Mu CapCut kapena Canva, sankhani 9:16, yomwe ndi 1080 × 1920, ndipo mawu akhale chapakati, popeza TikTok imaphimba m'munsi ndi kumanja ndi mabatani ake. Kalowedwe ka mawu kakhale kamodzi kanema yense. Fade In ya theka la sekondi imakwanira. Typewriter, yotulutsa chilembo chimodzichimodzi, imakakamiza wowerenga kuyenda pa liwiro la makina, ndipo masekondi owerengera aja muyenera kuyamba kuwawerenga mzere ukatha kulembedwa.

Musanatumize kwa anthu, dzitumizireni nokha pa WhatsApp kuti muone mmene yafinyikira. Kenako patsani munthu amene sanaionepo vesiyo, makamaka wachikulire wowerenga modekha, awerenge mokweza kanemayo akusewera. Mzere umene wachoka iye ali pakati, uwonjezereni kugunda kwina kunayi.