Manotsi a Nazale ya Tiyi: Kuwasandutsa Ndime Zomveka kwa Mwini Mpamba

Amayi ambiri m'boma la Thyolo ali m'magulu a banki m'khonde, ndipo ena afika pofuna mpamba woposa umene gulu lingasonkhe. Akapita kwa munthu wandalama kapena ku bungwe, amauzidwa kuti abweretse pulani ya bizinesi yolembedwa bwino. Apa ndi pamene pamavuta, popeza chimene mlembi wa gulu ali nacho ndi kope la manotsi, timawu tiwiri titatu pa mzere uliwonse. Manotsi otere amamveka kwa amene anali pa msonkhano okha. Mwini mpamba sanalipo, choncho ayenera kupeza zonse papepala.

Tiyeni titenge chitsanzo cha ntchito yodziwika kuno kwathu. Kuwonjezera pa maesiteti monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, tiyi amalimidwanso ndi alimi ang'onoang'ono, makamaka kuyambira mu 1967 pamene boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority. Alimiwa amafuna mbande zokuzira minda ndi zopakiza pamene mitengo inafa. Tiyerekeze tsono kuti amayi 12 agwirizana zoyamba nazale ya mbande za tiyi. Manambala onse ali m'munsimu ndi ongoyerekeza. Inu mudzaikapo anu. Mlembi walemba motere:

- amayi 12, malo alipo, mtsinje pafupi
- mbande 20,000
- K250 imodzi, zonse K5,000,000
- machubu, shedi, timitengo, aganyu K2,400,000
- tili ndi K900,000
- alimi akufuna
- zina zimafa

Choyamba, musathamangire kulemba. Khalani pansi ndi kufunsa mzere uliwonse mafunso amene mlendo angafunse: yani, zingati, liti, ndipo mwadziwa bwanji? “Malo alipo” ndi a yani, ndipo amfumu akudziwa? “Alimi akufuna” ndi alimi angati, a kuti? Yankho lililonse lilembedwe pambali pa mzere wake. Ngati mzere wasowa yankho, umenewo sunapse, ndipo mawu okometsera sangaukonze. Gulu lipite likafufuze.

Chachiwiri, sanjani mizere monga momwe mumasankhira nyemba, zofanana pamodzi. Manotsi amatsata momwe anthu ankalankhulira pa msonkhano, koma pulani imatsata momwe mwini mpamba amaganizira. Iye amafuna kudziwa zinthu zinayi motsatana: ndinu yani ndipo mudzachita chiyani, adzagula ndani, ndalama zidzayenda bwanji, ndipo chingalakwike n'chiyani. Funso lililonse likhale ndi ndime yake, ndipo chiganizo choyamba cha ndimeyo chiyankhe funsolo mosazungulira. Mzere woyamba ndi wachiwiri ungasanduke ndime iyi:

“Gulu lathu la amayi 12 likufuna kukhazikitsa nazale ya mbande za tiyi zogulitsa kwa alimi ang'onoang'ono. Tidzabzala timitengo todula 20,000 m'machubu, pansi pa shedi, pamalo amene mmodzi wa ife wabwereketsa kwa zaka zitatu, amfumu ali mboni. Malowa ali pafupi ndi mtsinje wosaphwa, choncho tidzatha kuthirira ngakhale mu Okutobala.”

Taonani mawu akuti “choncho”. M'manotsi, mtsinje unangoima paokha. Mu ndime, wauza wowerenga chifukwa chake watchulidwa. Mawu olumikiza monga “chifukwa”, “choncho”, “koma” ndi “ngati” ndiwo amene manotsi amasiya, ndipo ndiwo amene mwini mpamba amafunafuna, pakuti amasonyeza kuti olembawo aganiza bwino. Koma chenjerani: kulumikiza mizere ndi “komanso” kapena “ndiponso” basi si kulemba ndime. Kumeneko n'kungogoneka mndandanda womwe uja chopingasa.

Ndime ya ogula ikufuna umboni. M'malo mwa “alimi akufuna”, lembani kuti: “Alimi 40 a m'midzi yoyandikana nafe alembetsa maina kuti adzagula mbande 400 aliyense, ndipo mndandanda wawo tauphatikiza kumapeto.” Musalembe kuti esiteti yakuti idzagula ngati mulibe kalata yochokera kumeneko, chifukwa mwini mpamba angathe kukafunsa, ndipo akapeza kuti si zoona sadzakhulupiriranso tsamba lina lililonse.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene phindu lenileni la kulemba ndime limaonekera. M'manotsi, “K5,000,000” ali pa mzere wachitatu ndipo “zina zimafa” ali pa mzere wotsiriza, kotero sizikumana. Mukangoyesa kuziika m'chiganizo chimodzi, muona kuti zikutsutsana: mbande zakufa sizigulitsidwa. Tinene kuti amayiwa anayesapo kanazale kakang'ono, ndipo pa mbande 10 zilizonse ziwiri zinafa. Ndiye kuti zogulitsa ndi 16,000, ndipo ndalama zolowa ndi K4,000,000. Chinanso chimene manotsi anabisa ndi nthawi. Mbande ya tiyi imakhala mu nazale pafupifupi chaka kapena kupitirira, ndipo alimi amaoka nthawi ya mvula, choncho ndalama sizingabwere m'miyezi itatu. Ndime yake ingakhale yotere:

“Ntchito yonse idzadya K2,400,000 pa machubu, shedi, timitengo todula ndi aganyu. Gulu lasonkha kale K900,000, choncho tikupempha K1,500,000. Poyesa chaka chatha, mbande ziwiri pa 10 zilizonse zinafa. N'chifukwa chake tawerengera mbande 16,000 zokha, zimene pa mtengo wa K250 zidzabweretsa K4,000,000 ndi kusiya phindu la K1,600,000. Pakatha miyezi 18, woikamo ndalama adzalandira mpamba wake pamodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu, ndiye kuti K400,000.”

Chiganizo chotsirizachi chisasowe. Wobwereketsa ngongole amafuna ndalama zake ndi chiwongoladzanja, zinthu ziyende kapena zisayende. Woikamo ndalama amagawana nanu phindu ndi kuluza komwe. Nenani poyera kuti mukufuna uti mwa awiriwa, kuti pasadzakhale milandu kwa amfumu.

Ndime yachinayi ndi ya zovuta, ndipo ambiri amaopa kuilemba poganiza kuti idzathawitsa mwini mpamba. Koma munthu wodziwa tiyi amadziwa kale kuti mvula imachedwa ndi kuti alimi amasintha maganizo. Lembani vuto limodzi ndi yankho lake: “Ngati alimi adzagula theka lokha, tidzapeza K2,000,000. Pamenepo phindu silidzakhalapo, koma tagwirizana kuti woikamo ndalama ndiye adzayamba kulandira mpamba wake, gulu pambuyo.”

Chilankhulo cha pulani chikhale chaulemu koma chosadandaula. Mawu akuti “tithandizeni ndife osauka” ndi a kalata yopempha chithandizo, osati a bizinesi. Pewaninso mawu monga “zambiri”, “posachedwa” ndi “phindu lalikulu”. Paliponse pamene alowa, pakufunika nambala kapena mwezi. Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi: mukayamba ndi “mbande”, musasinthe n'kunena “mitengo” pakati. Ngati pulani ikufunidwa m'Chingerezi, yambani mwailemba m'Chichewa mpaka gulu lonse ligwirizane, kenaka womasulira atsate ndime ndi ndime osasintha nambala.

Mukamaliza, tengani kope la manotsi ndi kuchonga mzere uliwonse umene walowa mu ndime, kuti pasatsale kanthu. Kenaka perekani pepalalo kwa mayi wina amene sali m'gulu, awerenge mokweza, inu muli chete. Akatha, mufunseni kuti gulu likufuna ndalama zingati, lidzabweza liti, ndipo adzagula mbande ndani. Akayankha zitatu zonsezi osabwerera papepala, pulani yapsa. Akakakamira pa funso lina, ndime ya funso limenelo ilembedwenso musanapite nayo kwa mwini mpamba.