Kodi Mumadziwa? Netiweki Ikathawa Mwadzidzidzi, Ndalama Zanu Zikhoza Kuthawanso

Kodi mumadziwa kuti wakuba akhoza kulanda nambala yanu ya foni osakhudza foniyo? Amayamba wapeza dzina lanu lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa chanu cha unzika. Kenako amakanama ku kampani ya foni kuti simukhadi yatayika, n'kupatsidwa ina ya nambala yomweyo. Yatsopanoyo ikangoyamba kugwira ntchito, yanu imafa, ndipo mauthenga onse amapita kwa iye.

Chomwe chimamutsalira kuti atenge ndalama za mu akaunti yanu ya pafoni ndi nambala yanu yachinsinsi. Ambiri amaionera pamzere wa kwa ejenti, ataima kumbuyo kwanu, maso ali pa chala chanu. Choncho lembani nokha, mutaphimba foni ndi dzanja linalo, ndipo musaitchule mokweza. Pewani 1234 kapena chaka chomwe munabadwa, chifukwa chili pachitupa pomwepo.

Chizindikiro choti mwina nambala yanu ya foni yalandidwa ndi ichi: netiweki yanu yazimiririka, koma mnzanu wa kampani yomweyo akuimba bwinobwino pafupi nanu. Zimitsani foni n'kuyatsanso. Zikapanda kusintha, musadikire mawa. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu kuti itseke akaunti, kenako pitani ku ofesi yawo ndi chitupa. Dziwitsaninso banki ndi apolisi.