Jakisoni Wabayidwa, Nanga Thupi Waliona Ndani?

Tsiku la kiliniki ya matenda a m'maganizo, mzere umayenda mwachangu. Wodwala amalowa, namwino amatsegula kabuku ka kuchipatala, n'kubaya jakisoni wa fulufenazini m'thako, n'kulemba tsiku lobweranso pakatha milungu inayi. Mankhwalawa amasungunuka pang'onopang'ono m'mnofu, ndipo munthu wodwala sikizofireniya amakhala mwezi wathunthu maganizo ali m'malo popanda kumwa mapiritsi tsiku lililonse. Koma munthu akhoza kubayidwa chonchi zaka khumi osakwerapo pa sikelo.

Mankhwala amtunduwu amatha kunenepetsa, kukweza shuga ndi mafuta m'magazi, kuumitsa minofu ndiponso kunjenjemeretsa manja. Bungwe la WHO limati anthu odwala matenda aakulu a m'maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri amatengedwa ndi matenda a thupi monga a mtima. N'chifukwa chake zipatala zimadzichita kauniuni, kutanthauza kuyerekeza zimene zikuchitikadi ndi zimene zinayenera kuchitika.

Kauniuni amayamba ndi muyezo wolembedwa. Ambiri amabwereka wa bungwe la NICE la ku Britain, wa chaka cha 2014. Umati woyamba mankhwala ayezedwe kulemera sabata iliyonse kwa masabata 6, kenako pa sabata ya 12, ndiye pakatha chaka. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi ziyezedwe pa sabata ya 12 ndi pa chaka. Kuchoka apo, zonsezi pamodzi ndi kukula kwa chiuno zizionedwa chaka chilichonse. Kwa munthu amene wakhalitsa pa jakisoni, funso limakhala limodzi: pa miyezi 12 yapitayi, kodi chilichonse mwa izi chinayezedwa n'kulembedwa?

Tiyerekeze kiliniki yokhala ndi anthu 120 a jakisoni, ndipo nthawi ikulola kuona mafayilo 40. Apa m'pamene ambiri amaphonya. Kutenga anthu 40 oyamba kufika Lachiwiri m'mawa n'kosavuta, koma amenewo ndi okhulupirika, okhala pafupi, operekezedwa ndi abale. Amene amadumphitsa miyezi chifukwa cha ndalama ya minibasi sapezekamo, pomwe ndi iwowo amene thupi lawo silinaonedwe. Njira yabwino ndi kutsegula kaundula wa onse amene akhala pa jakisoni chaka kapena kuposerapo, n'kumatenga dzina lachitatu lililonse. Pa fomu palembedwe nambala m'malo mwa dzina, chifukwa nkhani ya matendawa ikatuluka imavulaza munthu kumudzi.

Fomuyo isakhale ya “inde” ndi “ayi” basi. Pa muyezo uliwonse pakhale mayankho anayi: zinayezedwa, sizinayezedwe, wodwala anakana, chipangizo panalibe. Ine ndimaumirira pa yankho lachinayili. Ngati anthu 30 mwa 40 sanayezedwe shuga chifukwa timapepala toyezera tinatha, kudzudzula anamwino sikungathandize. Vuto lili kosungira katundu. Koma ngati sikelo ilipo, yabwinobwino, ndipo olembedwa kulemera ndi 12 okha, vuto lili m'kayendetsedwe ka mzere. Lamulo ndi lakuti chimene sichinalembedwe chimawerengedwa kuti sichinachitike. Kwathu kuno lamuloli limafuna kusamala, poti zambiri zimalembedwa m'kabuku kamene wodwala amapita nako kwawo. Woona fayilo yokha ya ku kiliniki angaganize kuti palibe chinachitika, choncho ayenera kudikira osankhidwawo abwere n'kupempha kuona mabuku awo.

Ndiye pali mzere womaliza wa fomu, umene umaiwalika kawirikawiri: zotsatira zitaipa, chinachitika n'chiyani? Tinene kuti mayi wina m'chitsanzo chathu ankalemera makilogalamu 60, pano 68, ndipo kuthamanga kwa magazi kwalembedwa 160/100 kawiri konse. Pa kauniuni wongowerenga miyezo, mayiyu akhoza bwino, mabokosi onse achongedwa. Chonsecho 140/90 ndi malire amene adutsidwa kale, ndipo palibe amene anawatumiza ku kiliniki ya matenda okhalitsa, kuwafunsa za kadyedwe, kapena kuonanso mlingo wa jakisoni. Fomu yabwino imafunsa ngati panachitika kanthu, ndi patapita masiku angati.

Zotsatira zibwerere kwa ogwira ntchito eniakewo, asankhe chosintha chimodzi kapena ziwiri. Nthawi zambiri chimakhala chaching'ono: kuika sikelo ndi makina a kuthamanga kwa magazi pakhomo pa chipinda chobayira, kuti munthu asalowe asanayezedwe. Pakatha miyezi 6, kauniuni abwerezedwe ndi fomu yomweyo komanso kasankhidwe komweko ka mayina. Mukasintha chimodzi mwa ziwirizi, simungadziwenso ngati 12 atakhala 31 ndi chisamaliro chimene chakwera kapena ndi kawerengedwe kamene kasintha.