Agogo ake ndi ati, poti onse dzina ndi limodzi?

Ku Ntcheu munthu akati "Gomani anamenyana ndi azungu," womvetsera wochenjera amafunsa kuti Gomani wake uti. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Mwana wake, Philip Gomani, ndiye anakana Chitaganya mu 1953, boma nkumuchotsa pampando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Pakati pa nkhani ziwirizi pali zaka 57, koma pakamwa pa anthu zimatha kusanduka mbiri ya munthu mmodzi. Ngakhale dzina loti Willard labwereza pampando womwewo: analitenga Gomani wachitatu, ndipo Gomani wachisanu, amene analongedwa ufumu mu 2012, alinso nalo.

Mafumu ali ndi mwayi chifukwa olemba mbiri anawaikira manambala. Mabanja ambiri alibe mwayi umenewu, ndipo wofufuza mzere wa makolo ake amagwa m'mbuna yomweyi.

Chida choyamba ndi masamu wamba. Tinene kuti pabanja pena amasimba za agogo Yohane, amene anasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndiponso anabwera ndi wailesi kuchokera ku Joni pamene boma linaletsa Wenela mu 1974. Ngati anasenza katundu mu 1916 ali ndi zaka 18, ndiye kuti anabadwa cha mu 1898. Pofika 1974 akanakhala ndi zaka 76, msinkhu umene palibe akanamulemba ntchito ya mumgodi. Apa pali a Yohane awiri. Chimodzimodzi mayi amene akuoneka kuti mwana wake woyamba ndi wotsiriza asiyana zaka 45: amenewo ndi amayi awiri a dzina limodzi.

Akuluakulu sakumbukira chaka, koma sayiwala zochitika. M'malo mofunsa kuti "Anabadwa liti agogo?", ndi bwino kufunsa kuti, "Kodi pa njala ya 1949 anali atakwatira? Nanga pa nkhondo ya Chilembwe anali atabadwa?" Mayankho otere amamangirira munthu pa nthawi yake.

Atadziwika kuti ndi awiri, funso lovuta limatsala: pali ubale wanji pakati pawo? Ambiri amathamangira kulemba kuti wamkuluyo ndi bambo, wamng'onoyo mwana. Pakati pa Achewa kuganiza kotero nkoopsa, chifukwa dzina, makamaka la ufumu kapena la mwini mbumba, limalowedwa ndi mphwake, mwana wa mlongo wake wa malemuyo. Wolowa dzina amatenganso malo a malemu, moti ana a malemuyo akhoza kumutchula kuti bambo pamene mwa magazi ndi msuweni wawo. Mdzukulu wopatsidwa dzina la agogo ake nayenso nthawi zina amaitanidwa "agogo" akadali wakhanda. Choncho mawu oti "anali bambo athu" sakwanira. Funso lothetsa mkangano ndi lakuti, "Anam'bala ndani?" Dzina la mayi ndi mudzi wa mayiyo ndizo zimalekanitsa anthu a dzina limodzi, pakuti a Yohane awiriwo sangakhale ndi mayi mmodzi, mkazi mmodzi ndi manda amodzi.

Kenako pamabwera mapepala. Kalembera wa ana obadwa anakhala wokakamiza kwa aliyense m'Malawi mu 2015, kotero za makolo akale zimapezeka makamaka m'mabuku a ubatizo a mamishoni monga Blantyre, imene inayamba mu 1876, ndi Mua, ya mu 1902. Mabukuwa ali ndi misampha yake. Chaka cha ubatizo si chaka chobadwa, popeza akhristu oyambirira ambiri ankabatizidwa ali akuluakulu atamaliza kalasi, ndipo ankalandira dzina latsopano. Mwana ndi malume ake akhoza kupezeka pa tsamba limodzi. M'mabuku akale a Akatolika maina ankalembedwa m'Chilatini, moti Yohane amaoneka ngati Joannes. Wowerenga asaime pa dzina lokha: ayang'ane ndime ya makolo, ya mudzi ndi ya mboni.

Ku Zomba kuli nyumba yosunga zolembedwa zakale za dziko lino, ngakhale kuti mapepala ambiri a boma a chaka cha 1919 chisanafike anapsa pa moto umene unawononga maofesi a boma chaka chimenecho.

Pojambula mzere wa banja, Yohane aliyense apatsidwe tsamba lakelake lokhala ndi dzina la mayi ake, mkazi wake, mudzi, dzina lake lachibwana kapena lomunamizira, ndi amene wapereka nkhaniyo. Nkhani imene sikudziwika mwini wake iikidwe pambali mpaka umboni wachiwiri utapezeka. Ndipo woyamba kumufikira ndi gogo wamkazi wamkulu wa pabanjapo, chifukwa kawirikawiri ndiye amadziwa amene anabala mnzake. Mupiteko akadali moyo, kope lili m'manja.