Uthenga wotsekera ntchito: kupereka mafayilo ndi kusiya khomo lotsegula

Uthenga wotsekera ntchito ndi kalata imene mmisiri amatumiza kwa kasitomala ntchito ikatha, pamodzi ndi mafayilo a zimene wapanga. Amaulemba anthu monga ojambula pakompyuta, omasulira, ojambula zithunzi paukwati ndi opanga mapulani a nyumba, ndipo umatumizidwa pa imelo kapena pa WhatsApp. Umagwira ntchito zitatu: kupereka katundu m'manja mwa mwini wake, kutsimikiza kuti mgwirizano wafika pamapeto, ndi kuuza kasitomala kuti akhoza kubweranso. Uthenga wolembedwa bwino ndi umene kasitomala angautsegule patapita chaka, n'kudziwa fayilo yoyenera kugwiritsa ntchito popanda kuimbira foni munthu aliyense.

Chitsanzo chabwino ndi cha wojambula amene wapangira gulu la amayi opanga chiponde logo ndi lebulo yomata pabotolo. Uthenga wake umayamba ndi moni waulemu, ndipo chiganizo chotsatira chimanena mosapita m'mbali kuti ntchito yatha. Chiganizochi chimatchula chimene chatha ndi tsiku limene kasitomala anavomereza, mwachitsanzo lebulo yachitatu imene wapampando anaivomera Lachinayi. Zimenezi zimathandiza chifukwa ntchito yojambula imadutsa m'zokonza zambiri, ndipo pafoni ya kasitomala pamakhala patadzaza zithunzi zofanana, zina zokhala ndi nambala ya foni yolakwika. Akalephera kusiyanitsa, akhoza kupititsa yakale kosindikiza, mabotolo mazanamazana n'kutuluka ndi cholakwika chimene chinakonzedwa kale.

Gawo lalikulu la uthengawu ndi mndandanda wa mafayilo, iliyonse ndi ntchito yake. Kasitomala wamba sadziwa kusiyana kwa mafayilowa, choncho kungotchula mayina sikokwanira. Fayilo ya PDF ndi yopita kosindikiza. Mitundu yake imakonzedwa mwa CMYK, yomwe ndi inki zinayi za makina osindikizira, zithunzi zake zimakhala pa 300 dpi, ndipo mtundu umapitirira mamilimita 3 m'mbali kuti pepala likamadulidwa pasatsale kamzere koyera. Fayilo ya PNG ndi ya pafoni ndi pa Facebook, ndipo ikhoza kukhala yopanda mtundu kumbuyo, kotero logo imakhala bwino pa chithunzi chilichonse. Fayilo ya SVG imasunga logo ngati mizere yowerengetsedwa osati timadontho, motero ikhoza kukuzidwa kufika pa chikwangwani cha pamsewu osawonongeka. Amene angakuze PNG yaing'ono kufika pamenepo amaona zilembo zitachita mbuu, m'mbali mwake muli manomano.

Mayina a mafayilo nawo amafunika kufotokoza okha. Dzina monga `final2.pdf` silinena kanthu pakatha miyezi itatu, pamene `chiponde-lebulo-500g-kosindikiza.pdf` likuuza aliyense chimene chili m'kati ndi kumene chikupita.

Njira yotumizira imasankhidwa poona kukula kwa mafayilo. Gmail salola kuphatikiza mafayilo opitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo zikakula amazitumiza ngati linki ya Google Drive. WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse, choncho logo iyenera kupita kudzera pa `Document` kuti ifike monga inalili. Linki ya Google Drive imafunika kuyesedwa isanatumizidwe, makamaka pafoni ya munthu wina, chifukwa ikakhala yotseka kasitomala amangoona uthenga womuuza kupempha chilolezo. Malinki aulere a WeTransfer amatha mphamvu pakapita masiku owerengeka, ndiye tsiku lomaliza kutsitsa liyenera kulembedwa. Ndi ulemunso kutchula kukula kwa foda yonse, poti munthu wogula bandulo yaing'ono amafuna kudziwiratu ngati imukwanira. Uthengawu unenenso nthawi imene wojambula adzasunge mafayilowo, ndi kulangiza kasitomala kuti asunge akeake malo awiri, monga pa fulashi ndi pa imelo ya gulu. Foni ya mlembi ikabedwa mu minibasi, zonse zimene zinali momwemo zimapita nayo.

Kenako pamabwera malire a mgwirizano, omwe ambiri amachita nawo manyazi. Ngati ndalama yonse yalipidwa, uthenga umathokoza ndi kuphatikiza lisiti. Ngati yatsala, umatchula kuchuluka kwake, tsiku lolipira ndi njira yake, kaya ndi kubanki, Airtel Money kapena Mpamba. Amisiri ambiri amatumiza kaye zithunzi zongoonetsa, n'kupereka mafayilo enieni ndalama ikalowa, ndipo zimenezi zimayenda bwino ngati anagwirizana kuyambira pachiyambi. Uthenga umanenanso zimene zidzakonzedwe ulele ndi zimene zidzakhale ntchito yatsopano. Chilembo chimene wojambula anaphonya ndi udindo wake, koma kusintha lebulo kuti ikwane pa botolo lina ndi ntchito ina ya mtengo wake. Zikapanda kulembedwa, mapempho a "tangosinthani pang'ono" amapitirira miyezi, mmisiri n'kuyamba kuzemba mafoni, ubale n'kuwonongeka. Umwini ulembedwenso momveka: ngati logo tsopano ndi ya gulu, ngati fayilo yoyambirira yosinthika yaperekedwa, ndiponso ngati wojambula waloledwa kuionetsa kwa ena monga chitsanzo cha ntchito yake.

Kuitanira ntchito ya mtsogolo kumabwera kumapeto, zonse za kasitomala zitaperekedwa, ndipo kumakhala kwachidule. Mawu akuti "mudzandikumbuke" sapatsa kasitomala chifukwa chobwerera. Chothandiza ndi kutchula chinthu chimodzi chimene mmisiri anamva kapena kuona pogwira ntchito. Ngati amayi aja ananena kuti akufuna kuyamba botolo laling'ono, wojambula amatchula botololo, nthawi imene ntchitoyo ingatenge ndi chifukwa chake idzakhale yofulumira. Kupempha kuti amutchule kwa anzawo n'kololedwa, koma kamodzi kokha, ndipo osati m'ndime imene akukumbutsa ngongole.

Uthenga wonse wa wojambula uja ukhoza kumveka motere:

"Mayi wapampando, ndikhulupirira muli bwino. Ntchito ya logo ndi lebulo ya botolo la magalamu 500 yatha, monga munavomerezera Lachinayi. Mu foda ili pa linki iyi muli mafayilo atatu, onse pamodzi 18 MB. Ya PDF mupite nayo kosindikiza malebulo, ya PNG muziika pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ya SVG mudzapatse okulemberani chikwangwani. Chonde tsitsani ndi kusunga malo awiri. Ine ndisunga kwa miyezi 12. Ndalama yonse ndalandira, lisiti ndi iyi, ndipo logo tsopano ndi ya gulu lanu. Mukaona cholakwika changa m'masiku 14 akubwerawa, ndikonza ulele. Munanenapo za botolo la magalamu 250. Mukakonzeka mundiuze, ndi ntchito ya masiku awiri poti maziko alipo kale. Mukatsegula mafayilowa mundidziwitse ngati onse akuoneka bwino. Zikomo kwambiri pondikhulupirira."

Pempho lomaliza loti kasitomala ayankhe lili ndi ntchito yake, chifukwa yankho lake ndilo umboni wakuti katundu wafika. Pakapita masiku atatu kapena anayi kuli zii, mmisiri amafunsa kamodzi mwaulemu, popeza kawirikawiri vuto limakhala linki yokana kutseguka kapena bandulo imene inatha. Yankho likabwera, amasunga uthengawo pamodzi ndi lisiti ndi mafayilo mu foda ya kasitomalayo, kuti ntchito ya botolo laling'ono ikadzafika adzayambire pomwepo.