Katundu munapereka, ndalama zili kuti?

Tiyerekeze kuti mwapereka madesiki 200 ku dipatimenti ina ya boma pa 3 March, invoisi munasiya tsiku lomwelo, ndipo mgwirizano ukuti adzakulipirani pasanathe masiku 30 chilandirireni invoisiyo. Ndiye kuti pa 2 April nthawi inatha. Ambiri amangoyendera maofesi nkumauzidwa kuti abwerenso mawa, koma mawu apakamwa salowa m'failo.

Lembani kalata kwa mkulu woyang'anira chuma cha undunawo, amene nthawi zambiri amakhala mlembi wamkulu. Tchulani nambala ya mgwirizano, ndime yokamba za malipiro, tsiku limene nthawi inatha ndi ndalama zonse. Ngati muli ndime ya chiwongoladzanja pa malipiro ochedwa, itchuleninso. Ngati mulibe, musaopseze nacho.

Phatikizani makope a LPO, invoisi ndi chikalata chimene wosunga katundu anasaina polandira madesikiwo. Chikalata chimenechi ndicho chimagwetsa ambiri. Chikasowa, a zachuma sangakonze vocha, ndipo angathe kunena kuti masiku 30 aja sanayambe nkomwe kuwerengedwa. Nchowawa kudikira miyezi chifukwa cha siginecha imodzi.

Kalatayo akaidinde, inu musunge kope. Akapanda kuyankha, tsatirani ndime yothetsera mikangano musanathamangire kukhoti.